Chigaza cha ku Kabwe ndi Adamu: mwana wanga atsate ziti?

Funso: "Ndine mayi wa ku Kapata kuno ku Chipata, timapemphera ku Reformed. Mwana wanga wa giredi 10 wabwera ndi nkhani ya chigaza cha ku Kabwe, ati aphunzira mu histore kuti munthu ameneyo anakhala zaka masauzande mazanamazana zapitazo, manje akundifunsa kuti nanga Adamu anali kuti nthawi imeneyo. Mkulu wa mpingo wina wandiuza kuti nimuletse chifukwa ni ziphunzitso za satana. Kodi munthu angakhulupirire kuti Mulungu analenga n'kuvomeranso za sayansizi, olo afunika kusankha chimodzi?"

Amayi, angathe, ndipo akhristu ambirimbiri kuphatikiza abusa, ansembe ndi asayansi amene amapemphera akukhala choncho. Koma sindikunamizani kuti n'zosalala, pali pamene pamavutadi, ndipo sipamene anthu ambiri amalozapo ayi. Anthu amakangana za masiku sikisi a mu Genesis ndi Bigi Bang'i, chiphunzitso cha asayansi cha mmene chilengedwe chinayambira, pomwe mfundo yolimba ili pa imfa ndi pa Adamu, ndendende pamene mwana wanu waponda. Ine ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale komanso ndine wa mpingo ngati wanu womwewo, ndiye ndiyankha monga munthu amene mbali ziwirizi zimamukhudza.

Tiyambe ndi chigazacho, chifukwa musanasankhe kukhulupirira olo kukana mufunika kudziwa kuti nambala ija inachokera kuti. Chinapezeka mu 1921 mu mgodi wa mtovu ndi zinki ku Kabwe, nthawi imeneyo kunkatchedwa Broken Hill, ndipo mpaka lero chili ku Natural History Museum ku London, boma lathu lakhala likupempha kuti chibwezedwe koma sichinabwere. Mukachiona pa chithunzi muona mafupa a pamwamba pa maso otupa kwambiri ngati khonde, chipumi chogonera kumbuyo, koma malo a ubongo ndi aakulu kuyandikira athu. Si nyani ameneyu, komanso si munthu ngati amene mungakumane naye pa msika wa Kapata. Ndipo mano ake ambiri ndi obooka, owola, munthuyu anavutika ndi dzino zedi. Mano amenewa muwasunge m'mutu, tiwafuna kutsogoloku.

Pa zaka, chinthu choyamba chimene mumve ku tchalitchi n'chakuti "kaboni 14 imanama". Kaboni 14, njira imodzi yoyezera zaka za zinthu zakale, siigwira ntchito pa chigaza ichi olo pang'ono, ndipo asayansi ndi amene amayamba kunena zimenezo. Kaboni ameneyu amatha theka pa zaka 5,730 zilizonse, ndiye pakapita zaka 5,730 watsala hafu, zina 5,730 watsala kota, mukafika maulendo khumi, zaka 57,300, wotsala sakwana gawo limodzi pa 1,000 ndipo kafumbi kochepa chabe kakhoza kusokoneza zonse. N'chifukwa chake njirayi imathera cha pa zaka 50,000 ndipo imagwira pa zinthu zimene zinali zamoyo basi, makala, mtengo, fupa. Wina akakuuzani kuti zaka za dziko anaziyeza ndi kaboni 14 dziwani kuti sanawerenge bwino.

Chigaza cha ku Kabwe anachiyeza makamaka ndi yureniyamu. Fupa la munthu wamoyo lilibe yureniyamu woti n'kumutchula, koma likakwiririka madzi a pansi amamubweretsa n'kulowa m'fupamo chifukwa yureniyamu amasungunuka m'madzi. Yureniyamuyo pang'onopang'ono amasanduka chinthu china chotchedwa thoriyamu, pa liwiro lodziwika loyezedwa mu labu, ndipo ubwino wake thoriyamu sayenda ndi madzi, kutanthauza kuti thoriyamu amene mwamupeza mkati mwa fupa anabadwira momwemo. Mukayeza kuchuluka kwa awiriwa mumadziwa nthawi imene yapita chiloŵereni yureniyamu. Njirayi ili ndi matenda ake awiri. Ngati yureniyamu analowa mochedwa, fupa litagona kale zaka zambiri, nambala imatuluka yaing'ono kuposa yeniyeni. Ngati madzi anadzakokololanso yureniyamu n'kusiya thoriyamu yekha, fupa limaoneka lakale kuposa mmene lilili. Amazindikira bwanji? Sayeza malo amodzi, amaboola timadontho ndi leza kuchokera kunja kwa fupa kulowa mkati, ndipo fupa lokokoloka limadziulula chifukwa m'mphepete nambala zimalumpha mopanda dongosolo pomwe mkati zili bata, malo otero amawataya. Ku Kabwe kunali vuto linanso lakuti phanga lenilenilo anthu a mgodi analikumba lonse, dothi loti akayezenso palibe, n'chifukwa chake mabuku akale amapereka nambala zosiyanasiyana. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2020, atayeza chigazacho ndi mafupa ena a pamalopo, zinati zaka pafupifupi 299,000, kuphonya kwake 25,000 uku kapena uku. Onani kuti akuvomera okha kuti angaphonye ndi 25,000. Koma kuphonya kochoka pa 299,000 kufika pa 6,000 ndi nkhani ina.

Ndipo si Kabwe yekha. Ku mathithi a Kalambo kufupi ndi Mbala anafukula mitengo iwiri yosemedwa, umodzi anaugoba kuti ukhale bwino pamwamba pa unzake, ndipo mu 2023 analengeza kuti yakhala zaka zosachepera 476,000. Kumeneko sanagwiritse njira ya ku Kabwe ija, anayeza mchenga umene unakwirira mitengoyo kuti unaona dzuwa komaliza liti. Njira ina, malo ena, koma zonse zikuloza kutali kwambiri kuposa zaka 6,000. Kwathu konkuno m'chigwa cha Luangwa muli mafupa osanduka miyala a nyama zimene zinatha zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, madainoso asanabwere n'komwe. Dziko lenilenilo amati lili ndi zaka 4.5 biliyoni, chilengedwe chonse 13.8 biliyoni.

Manje okhulupirira amatani nazo zimenezi? Apa m'pamene mkulu wa mpingo uja sanakuuzeni zonse, chifukwa analankhula ngati akhristu onse ali ndi yankho limodzi.

A Sabata, abale athu a ku Mwami uko, ali poyera: masiku asanu ndi limodzi enieni, posachedwapa, ndipo pa msonkhano wawo waukulu wa 2015 ku San Antonio anakhwimitsanso mawu a chikhulupiriro chawo kuti pasakhale kozembera. Ndimawalemekeza chifukwa chifukwa chawo n'chomveka, Eksodo 20:11 amamanga Sabata pa masiku a chilengedwe, ndiye ukamasula masikuwo iwo amaona kuti Sabata lagwedezeka. Apentekosite ambiri ndi akulu a mpingo ambiri a kwathu amaganiza chimodzimodzi olo Sabata sasunga. Kwa iwo munthu wa ku Kabwe ndi mdzukulu wa Adamu, ndipo nambala ija ndi yolakwika. Apa ndiye ine ndimasiyana nawo. Kuti 299,000 ikhale 5,000, kapena 4.5 biliyoni ikhale 6,000, pafunika kuti yureniyamu kale ankasanduka mwaliwiro loopsa, koma kusandukako kumatulutsa kutentha, ndipo kutentha kwa zaka mabiliyoni mukakupanikiza m'chaka chimodzi cha chigumula miyala ingasungunuke, chingalawa cha Nowa osatsala. Ofufuza achikhristu a ku America amene amakhulupirira dziko la zaka zochepa anafufuza zimenezi okha ndipo mu 2005 anavomera kuti vuto la kutenthali lilipo. Komanso nambala ya 6,000 simuipeza pa vesi lililonse. Inatchuka ndi bishopu wa ku Ireland James Ussher amene mu 1650 anawonkhetsa mibadwo n'kupeza chaka cha 4004 Yesu asanabadwe, ena n'kudzaisindikiza m'mphepete mwa Mabaibulo achingelezi mpaka anthu kuyesa kuti ndi lemba.

A Mboni za Yehova anthu amawaika gulu lomwelo koma ayi. Iwo amati masiku a Genesis ndi nyengo zitalizitali ndipo dziko likhoza kukhala la zaka mabiliyoni, za miyala ya ku Luangwa sizimawasowetsa tulo. Koma evolushoni, chiphunzitso chakuti zamoyo zinachokera ku zamoyo zina posintha pang'onopang'ono, amaikana, ndipo Adamu amamuika pa 4026 Yesu asanabadwe, ndiye pa chigaza cha ku Kabwe atsala ndi njira ziwiri chabe, kunena kuti sanali munthu kapena kuti zaka zake zalakwika. Asilamu ambiri ali pafupi ndi pamenepa, Kurani imanena za masiku asanu ndi limodzi koma imanenanso za tsiku lofanana ndi zaka 1,000 ndi lina la zaka 50,000, ndiye zaka za dziko si mlandu kwa ambiri, pomwe za Adamu kuumbidwa ndi dothi wopanda makolo amazigwira zolimba.

Akatolika anayankha kalekale. Mu 1950 Papa Pius XII analola kuti za thupi la munthu kuchokera ku zamoyo zina zifufuzidwe, bola munthu agwire kuti mzimu amaulenga ndi Mulungu mwini, ndipo mu 1996 Papa Yohane Paulo II ananena kuti evolushoni yapitirira pa kungoganizira chabe. Ndipo Bigi Bang'i imene achinyamata a pa tchalitchi amaiseka ija, amene anayamba kuifotokoza anali wansembe, Georges Lemaître wa ku Belgium, mu 1927 ndi 1931. Chosangalatsa n'chakuti Papa atalankhula mu 1951 ngati kuti sayansiyi yatsimikizira Genesis, wansembeyo sanakondwe nazo, sankafuna kuti chikhulupiriro chitsamire pa fizikisi imene mawa ikhoza kusintha.

Nanga ife a Reformed, ana a mishoni imene inafika ku Magwero mu 1899? Tilibe papa woti agamule, ndiye mupeza abusa a mbali zonse, koma makolo a chiphunzitso chathu sanali amantha ngati mmene ena tilili lero. Chivomerezo cha Belgic cha 1561, chimodzi mwa zimene mipingo yochokera ku Dutch Reformed imatsata, chimati Mulungu timamudziwa m'njira ziwiri, kudzera m'chilengedwe chimene chili ngati buku lokongola pamaso pathu, ndi kudzera m'Mawu ake. Ngati onse awiri mwini wake ndi mmodzi sangatsutsane, akaoneka ngati akutsutsana ndiye kuti wina wawerenga molakwa, kaya wasayansi kaya mlaliki. John Calvin anakumana nazo pa Genesis 1:16 pamene mwezi ukutchedwa chounikira chachikulu. Akatswiri a nyenyezi a nthawi yake anali atadziwa kale kuti pulaneti ya Saturn ndi yaikulu kuposa mwezi. Calvin sanati akatswiriwo ndi a satana, anati Mose analemba monga mmene munthu wamba amaonera ndi maso ake kuti aliyense amve, ndipo za nyenyezi n'zabwino kuphunzira. Iye mwini ankakhulupirira masiku enieni ndi dziko la zaka zochepa, tisamunamizire, za miyala zinali zisanadziwike, koma njira yake yowerengera ndi imene ndikufuna muone. Kumbuyo kwake kuli Augustine, mwafirika mnzathu wa ku Hippo kumene lero ndi Algeria, amene zaka 1,600 zapitazo anadabwa kuti madzulo ndi m'mawa zikuwerengedwa bwanji masiku atatu dzuwa lisanalengedwe pa tsiku lachinayi, ndipo anachenjeza kuti mkhristu akamalankhula zopanda pake pa za dziko ndi nyenyezi n'kumati ndi Baibulo, osakhulupirira amaseka Baibulolo. Ameneyu Darwin, wolemba za evolushoni mu 1859, sanamuonepo, ndiye sitinganene kuti ankagonjera sayansi.

Inu amayi mukudziwa kale mmene zinthu ziwirizi zimakhalira pamodzi. Muli ndi pakati pa mwana yemweyu munkapita ku sikelo, anesi n'kumakuuzani kuti mwezi uno mtima wayamba kugunda, mwezi uno mafupa akulimba, idyani zakuti, imwani mapilisi a magazi. Ndipo Salimo 139 limati Mulungu ndiye anamuumba m'mimba mwanu. Simunapite kukafunsa abusa kuti musankhe nesi kapena Davide. Nesi akunena njira, Salimo likunena mwini ntchito ndi cholinga chake. Akhristu amene amavomera evolushoni amati ndi mmenenso zilili ndi mtundu wonse wa anthu. Ndipo mwanayo mumukonze apa: sayansi sinena kuti tinachokera kwa nyani wa m'munda mwa chimanga, imati ife ndi achimpanzi tili ndi kholo limodzi la zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, komanso mphunzitsi aliyense wonena kuti zimenezi zasonyeza kuti kulibe Mulungu wachoka pa silabasi wayamba kulalikira zake, palibe makina a mu labu amene amayeza funso limenelo.

Tsopano mano aja. Paulo pa Aroma 5:12 akuti uchimo unalowa ndi munthu mmodzi, ndipo imfa inalowa ndi uchimo. Koma munthu wa ku Kabwe anamva kuwawa kwa dzino n'kufa zaka 299,000 zapitazo, nyama za ku Luangwa zinkadyana ndi kufa kalekale iye asanabadwe. Ngati imfa inalipo Adamu asanachimwe, nanga Yesu anabwera kudzachotsa chiyani? Ili ndiye funso la a Sabata ndipo si lachibwana, aliyense wokuuzani kuti palibe vuto sanaliganizire. Olo makolo athu achichewa, ndi nkhani yawo ya bilimankhwe amene anachedwa ndi uthenga wa moyo buluzi n'kumupitirira, ankaona kuti imfa ya munthu ifunika kufotokozedwa, siinangokhalapo.

Amene amavomera zaka zambiri amayankha ndi lemba lomwelo. Vesi la Paulo limathera kuti imfa inafikira anthu onse, silinena za mbawala kapena nsomba. Pa Genesis 2:17 Mulungu anati tsiku limene udzadya udzafa, koma Adamu anadya n'kukhala mpaka zaka 930, kusonyeza kuti chimene chinachitika tsiku lomwelo ndi kudulidwa kwa ubale ndi Mulungu, kuthamangitsidwa pamaso pake. Ndipo mtengo wa moyo unali wa ntchito yanji m'mundamo ngati thupi lawo linali losafa palokha? Pa Genesis 3:22 akuchotsedwa kuti asadye n'kukhala muyaya, ndiye kusafa kunali mphatso yoti alandire, ndi imene anataya. Mayankho amenewa kwa ine ndi olimba pa imfa ya nyama ndi ya thupi. Pa kuwawa kwa zaka mamiliyoni, chifukwa chimene Mulungu wabwino anasankhira njira yaitali chotere yodzala ndi kufa, yankho lake ndi lochepa mphamvu, ndipo mbali imeneyi ndi mtengo umene wovomera sayansi amalipira.

Pa Adamu mwiniwake pali magulu. Kafukufuku wa DNA ya anthu a lero, zija za m'thupi zimene timatengera kwa makolo, amasonyeza kusiyanasiyana kochuluka koti sikungachokere kwa anthu awiri okha a zaka 6,000 zapitazo, makolo athu m'zaka masauzande mazana angapo zapitazi ankakhala masauzande, ndipo kusiyanasiyana kwakukulu kuli mu Afirika muno. Ena ndiye amati Adamu ndi chithunzi cha anthu onse, nkhani yake ndi ya aliyense wa ife. Ine kumeneko sindifikako, chifukwa Paulo akumuika Adamu moyang'anana ndi Khristu ngati anthu awiri enieni pa Aroma 5 ndi pa 1 Akorinto 15. Ena, monga mlaliki wa Anglican John Stott, anati n'kutheka kuti kunali zolengedwa zonga anthu kwa nthawi yaitali, zosema miyala ndi mitengo, kenako Mulungu anatenga mmodzi n'kumupatsa chifaniziro chake, n'kupangana naye pangano ngati mutu wa mtundu wonse, ndipo kugwa kwake kunagwetsa onse amene ankawaimira. Kwa ife a Reformed amene timaphunzitsa kale kuti Adamu ndi mutu wa pangano, izi si zachilendo kwenikweni. Zimathandizanso pa mafunso amene ana a Sande sukulu amatizunguza nawo chaka ndi chaka, Kaini pa Genesis 4 ankaopa kuti amupha ndani, mkazi anamutenga kuti, mudzi ankamangira ndani. Koma nayonso njirayi ili ndi minga: Genesis 3:20 amatcha Hava mayi wa amoyo onse, Machitidwe 17:26 amati mitundu yonse inachokera kwa mmodzi, ndipo munthu wa ku Kabwe, anali ndi mzimu kapena ayi? Amene anagoba mitengo ya ku Kalambo ankaganiza, ankakonza mapulani. Palibe fupa limene lingatiuze za mzimu, ndipo Baibulo silimutchula. Ine ndimaima apa, zaka ndimazivomera, ubale wa zamoyo ndimauvomera, Adamu ndimamugwira ngati munthu weniweni ndi mutu wa pangano, ndipo chaka chake sindimuikira.

Za kumuletsa mwana musayese. Ali ndi foni, ndipo tsiku limene adzapeze kuti za kaboni 14 zija anamunamiza adzayamba kukayikira ndi za kuuka kwa Yesu komwe, poti wonena ndi yemweyo. Khalani naye pansi muwerenge Genesis 1 ndi Genesis 2 motsatizana, mumufunse yekha kuti mu chaputala choyamba zomera, nyama ndi anthu zabwera mu dongosolo lotani, nanga mu chachiwiri mwamuna, mitengo, nyama ndi mkazi zabwera bwanji. Aona yekha kuti dongosolo silofanana, ndipo wolembayo sanali wopusa kuti sanaone zimenezo, anaziika pamodzi dala chifukwa sankalemba lipoti la mu labu. Mkulu wa mpingo uja musakangane naye pagulu, ndi bambo wathu ndipo akuopera mwana wanu zabwino, koma mukhoza kupempha abusa kuti akhale ndi achinyamata pa nkhaniyi, anaphunzira za Calvin ndi chivomerezo cha Belgic ku koleji ya ubusa. Ku mayeso mwanayo alembe zimene zili m'buku la silabasi, olo nambala ya m'bukumo itasiyana ndi 299,000 poti mabuku ena analembedwa 2020 isanafike. Funso la ekizamu limafuna zimene akatswiri anapeza, silifunsa chikhulupiriro chake, ndiye olo mwana wa Sabata akhoza kuyamba ndi "malinga ndi akatswiri" n'kutenga mamakisi ake onse.